Vesi la pachikhatho ndi kalata ya ku Babulo

Mdzukulu wanga wamkazi, wa Sitandade 7, anabwera kuchokera ku msonkhano wa chitsitsimutso Loweruka lina madzulo atalemba pachikhatho ndi bolopeni: Yeremiya 29:11. Inki inali itayamba kusungunuka ndi thukuta, koma manambala ankaonekabe. Asanavule n'komwe nsapato anandifotokozera zonse. Mlaliki anali mlendo, ankalankhula Chingerezi wina n'kumamasulira. Anawauza kuti Mulungu ali ndi mapulani oti aliyense wa iwo atukuke, ndipo aliyense agwire dzanja la mnzake n'kumuuza kuti chaka chino sichitha asanaone zake. Amayi ena analira. Anyamata a kiyibodi anakweza nyimbo.

"Ndiye agogo," anatero akundionetsa dzanjalo, "njinga ija ibwera chaka chino. Zalembedwa."

Sindinamutsutse, chifukwa vesilo lilipodi, ndipo ndi limodzi mwa mavesi okoma kwambiri m'Chipangano Chakale. Limanena kuti Mulungu akudziwa zimene akuwaganizira anthu ake, kuti ndi zabwino osati zoipa, ndiponso kuti kutsogolo kuli choyembekezera. Ndinangomupempha kuti akatenge Baibulo langa pamwamba pa kabati. Magalasi anga anali atasowa kuyambira Lachinayi, choncho wowerenga anayenera kukhala iyeyo. Nanunso ana inu, ngati m'nyumba muli Baibulo, litengeni tiyendere limodzi. Buku la Yeremiya lili chapakati kupitirira pang'ono, mukangodutsa Yesaya.

Anapeza mutu 29, chala chake n'kuthamangira pa nambala 11. Ndinamugwira dzanja. Ndinamufunsa liwu loyamba la vesilo, iye n'kuti ndi "pakuti". Ndiye ndinamufunsa ngati munthu angalowe m'nyumba n'kuyamba kulankhula ndi "pakuti", popanda chimene wanena kale. Anaseka. Liwu limeneli lili ngati chingwe chomangira mbuzi: ukaliona, dziwa kuti mbali inayo lamangidwa pa chikhomo china. Vesi 11 lamangidwa pa vesi 10, ndipo vesi 10 lamangidwa pa zimene zili pamwamba pake. Tinakwera nacho chingwecho mpaka pa vesi 1.

Apa ndikunong'onezeni kanthu. Manambala a mitu ndi mavesi amene mumawaona m'Baibulo sanalembedwe ndi Yeremiya. Mitu inagawidwa m'zaka za m'ma 1200, ndipo manambala a mavesi anayamba kusindikizidwa m'zaka za m'ma 1500, kuti anthu azipeza malo msanga. Ndi othandiza zedi, koma amanyenga maso. Amachititsa kuti chiganizo chilichonse chizioneka ngati switi yokulungidwa payokha, yoti ungotola imodzi n'kusiya zinazo m'botolo. Amene anamva mawuwa koyamba anawamva onse pamodzi, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Pa vesi 1 mdzukulu wanga anakweza mutu. "Agogo, ndi kalata!" Inde, ndi kalata. Ndipo kalata iliyonse imakhala ndi zinthu zimene mumaphunzira kusukulu: wolemba, wolandira, kumene ikuchokera ndi kumene ikupita. Iyi inalembedwa ndi mneneri Yeremiya ali ku Yerusalemu. Inkapita kwa akuluakulu, ansembe, aneneri ndi anthu onse amene mfumu Nebukadinezara inawagwira n'kupita nawo ku Babulo. Ngakhale amene anainyamula atchulidwa pa vesi 3: Elasa ndi Gemariya, amithenga amene Zedekiya mfumu ya Yuda ankawatuma kwa mfumu ya Babulo. Yeremiya anachita monga timachitira tikamva kuti wina akupita ku Joni, timamupatsira kalata kuti akaperekeko kwa achibale.

Nanga anthuwo anakapezeka bwanji ku Babulo? M'chaka cha 597 Yesu asanabadwe, asilikali a Babulo anazinga mzinda wa Yerusalemu. Mfumu ya Yuda pa nthawiyo inali Yehoyakini, amene m'kalatamu akutchedwa Yekoniya, ndipo anali atangolamulira miyezi itatu yokha. Anadzipereka. Nebukadinezara anamutenga pamodzi ndi amayi ake, nduna zake, asilikali, amisiri a matabwa ndi osula zitsulo, komanso ziwiya za m'kachisi. Anasankha dala anthu aluso. Dziko lopanda osula silingapange mikondo, ndipo lopanda atsogoleri silingaukire. Kenaka anaika Zedekiya, m'bale wa bambo ake a Yehoyakini, pampando kuti azimumvera. Nkhaniyi sili m'Baibulo mokha. Alembi a ku Babulo nawonso anailemba pa phale ladongo limene lero likusungidwa mumzinda wa London, ndipo anatchula ngakhale tsiku limene mzindawo unagwa, limene pa kalendala yathu limagwera m'mwezi wa Marichi.

Musasokonezeke ndi zaka zimenezi. Zaka za Yesu asanabadwe zimawerengedwa chotsika, ngati mmene mumawerengera masiku otsala kuti sukulu itsekere. Chaka cha 597 chinayamba kubwera, 586 n'kubwera pambuyo pake.

Mabwinja a Babulo ali m'dziko la Iraq, m'mbali mwa mtsinje wa Firate, makilomita pafupifupi 85 kummwera kwa Baghdad. Kuchokera ku Yerusalemu, mbalame yowuluka molunjika ingayende mtunda wofanana ndi kutalika kwa dziko lonse la Malawi, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Koma pakatipo pali chipululu, ndiye anthu ankazungulira chakumpoto kutsata kumene kuli madzi, ulendo n'kupitirira makilomita 1,000 kutalitali. Patapita zaka zambiri, Ezara ndi gulu lake anayenda ulendo womwewo chobwerera, ndipo unawatengera miyezi inayi. Taganizani kuyenda miyezi inayi wapansi, kumbuyo kuli msilikali, nyumba yanu ndi munda wanu zikutsalira. Mukafika, chilankhulo n'china, milungu n'njina, dziko ndi lachigwa lodzaza ngalande ndi mitengo ya kanjedza, pomwe inu munazolowera mapiri. Amenewa ndiwo anali eni kalata ija.

Munthu wotere amafuna kumva chinthu chimodzi chokha: tibwerera liti? Ndipo analipo anthu okonzeka kumuuza zimene akufuna.

Ndinauza mdzukulu wanga kuti abwerere tsamba limodzi, awerenge mutu 28. Mmenemo muli nkhani imene ana amaikonda, chifukwa muli mkangano wa pamaso pa anthu. Yeremiya ankayenda mumzinda atavala goli lamtengo m'khosi, longa lija timamangira ng'ombe za pangolo, pofuna kuonetsa kuti mitundu ya anthu iyenera kugonjera Babulo kwa nthawi. Ndiye tsiku lina m'bwalo la kachisi, ansembe ndi anthu onse akuona, kunaimirira mneneri wina wa ku Gibeoni dzina lake Hananiya. Iye ananena m'dzina la Mulungu kuti zaka ziwiri zisanathe, ziwiya za m'kachisi zidzabwerako, mfumu Yekoniya adzabwerako, ndi onse ogwidwa adzabwerako. Yeremiya sanakalipe. Anavomereza kuti zikanakhala bwino zitatero, koma anati mneneri wolosera zamtendere amadziwika pamene mawu ake achitikadi. Hananiya anamuvula goli lija n'kulithyola anthu akuona. Mukhoza kumva m'makutu mwanu nthungululu zimene zinalira tsikulo. Yeremiya anangochokapo. Pambuyo pake anabwerera ndi uthenga wakuti m'malo mwa goli lamtengo padzabwera lachitsulo, ndiponso kuti Hananiya samaliza chakacho. Zimenezi zinachitika m'mwezi wachisanu, ndipo m'mwezi wachisanu ndi chiwiri Hananiya anamwalira.

Mawu a Hananiya tikhoza kuwayesa, chifukwa anatchula nthawi. Anthu ofukula zakale atakumba mabwinja a Babulo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, anapeza timapale tadongo tolembapo chakudya chimene nyumba yachifumu inkagawira anthu amene inkawasunga. Pa timapale tina pali dzina la Yehoyakini mfumu ya Yuda ndi ana ake asanu, akulandira mafuta. Timapaleto lero tili ku Berlin. Buku lachiwiri la Mafumu limatha ndi nkhani yakuti Yehoyakini anatulutsidwa m'ndende m'chaka cha 37 cha ukapolo wake, n'kumadya patebulo la mfumu ya Babulo mpaka imfa yake. Kwawo sanabwerere. Zaka ziwiri za Hananiya zinali chikomekome cha nkhuyu.

Ku Babulo nakonso kunali aneneri a mtundu womwewo, ndipo kalata ya Yeremiya inalembedwa kuti iwatsutse. Tinabwerera ku mutu 29, mdzukulu wanga n'kuwerenga kuyambira vesi 4 mpaka 7 pang'onopang'ono. Anthu amene ankagona akatundu ali omangamanga anauzidwa kuti amasule. Amange nyumba, akhalemo. Alime minda, adye zokolola zake. Akwatire, abereke ana, anawo akakula awapezere mabanja, nawonso abereke. Achulukane, asachepe.

Ndinamufunsa kuti awerenge ndi zala mibadwo imene yatchulidwa. Anapeza itatu: makolo, ana, ndi ana a anawo. Ndiye ndinamufunsa kuti munthu amene wabwera kudzacheza kwa sabata ziwiri amawumba njerwa kodi? Amabzala mango? Mlendo amagona pamphasa, m'mawa n'kuipinda. Amene wauzidwa kuti awumbe njerwa ndi kufunira mwana wake mbeta wauzidwa kuti pano ndiye pakhomo tsopano. Kwa ife mawu a nyumba ndi minda akumveka okoma. Kwa iwo anali ngati uthenga wa maliro.

Vesi 7 ndiye linali lowawa kuposa onse. Anauzidwa kuti azifunira zabwino mzinda wa adani awo ndi kuupempherera, chifukwa mzindawo ukakhala bwino iwonso akhala bwino. Kupempherera Babulo! Anthu omwe anakuthamangitsa pakhomo pako! Ngati mukufuna kudziwa mmene ena mwa ogwidwawo ankamvera mumtima, werengani Salimo 137 mpaka kumapeto kwake, mudzaona ukali wake. Yeremiya ankalembera anthu a mitima yotero.

Mavesi 8 ndi 9 akuchenjeza kuti asamvere aneneri ndi olosera amene ali pakati pawo, ngakhale maloto amene anthu eni ake ankawalimbikitsa kuti alote. Kenaka pakubwera vesi 10, chikhomo chija pamene pamangidwa vesi lathu. Mulungu akulonjeza kuti adzawabweza kwawo, koma zikadzatha zaka 70 za Babulo.

Mdzukulu wanga anasiya kuwerenga. Anatenga kamtengo n'kuyamba kulemba masamu pansi, pakhonde pomwepo. Iye ali ndi zaka 12. Kuphatikiza 70, zinakwana 82. Kenaka anandiyang'ana, n'kundifunsa zaka zanga. Nditamuuza, anaphatikiza, n'kufufuta msangamsanga ndi phazi.

"Ndiye kuti inuyo simukanabwerako, agogo."

Sindikanabwerako. Ansembe ndi akuluakulu amene kalatayo inayamba kuwatchula, ambiri a iwo anaikidwa m'manda ku Babulo. Lonjezo anamva ndi makutu awo, koma amene anayenda ulendo wobwerera anali ana awo ndi adzukulu awo. Ngakhale Yeremiya mwiniwake sanaone tsikulo. Mu 586 Yerusalemu anawonongedwa, kachisi n'kutenthedwa, ndipo pambuyo pake anthu othawa anamutenga mneneriyo mokakamiza kupita naye ku Igupto. Ndiye kuti kalatayo itafika, zinthu zinayamba zaipiraipira zisanakhale bwino.

Tsopano tinali okonzeka kuwerenga vesi 11 lenilenilo, ndipo apa ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi umene mlaliki wa Chingerezi uja analibe. M'Chingerezi liwu lonena munthu mmodzi ndi lonena gulu ndi limodzi lomwelo. Ife tili ndi "iwe" ndi "inu". Chiheberi, chilankhulo chimene Yeremiya analembera, nachonso chimasiyanitsa, ndipo pa vesi limeneli akulankhula ndi anthu ambiri. N'chifukwa chake Baibulo lathu lili ndi "inu". Mdzukulu wanga, amene sagonja msanga, anati mwina ndi "inu" waulemu, ngati mmene iye amanenera kwa ine. Funso labwino. Ndinamutumiza ku mutu 1, pamene Mulungu akuitana Yeremiya ali mnyamata. Pamenepo akulankhula naye ngati "iwe". Mulungu akamalankhula ndi munthu mmodzi m'Baibulo sachita "inu" waulemu. Choncho "inu" wa m'mutu 29 ndi mtundu wonse, agogo amene adzafere ku Babulo pamodzi ndi khanda limene lidzabadwire komweko. Lonjezo linali la onse pamodzi, monga mmene munda wa banja umakhalira wa onse, ngakhale amene anaswa mphanje sadzadya za m'chaka cha makumi asanu.

Liwu lachiwiri lofunika ndi lija womasulira anati "kutukuka". M'Chiheberi ndi shalomu. Ayuda mpaka lero amapatsana moni ndi liwu limeneli. Tanthauzo lake ndi lalikulu: kukhala bwino, thupi lili lamphamvu, pakhomo palibe nkhondo, anthu akumvana, chakudya chilipo. Sikuti chuma mulibemo, ayi. Munthu wogona ndi njala sali pa shalomu. Koma liwulo silitanthauza kulemera. Mabaibulo ena a Chingerezi analimasulira ndi liwu limene anthu ambiri akalimva amaganiza za ndalama, galimoto ndi kukwezedwa pantchito, ndipo kumasulira kumeneko ndiko kwafala pa makalendala, pa masikipa ndi kumbuyo kwa maminibasi. Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, linasankha liwu lakuti mtendere.

Ndiye pali chinthu china chimene munthu sangachione akangowerenga vesi limodzi. Shalomu yemweyu wapezeka kale pa vesi 7, katatu konse, pamene anthu akuuzidwa za mzinda wa Babulo. Mtendere umene Mulungu akuwaganizira pa vesi 11 ndi womwewo umene akuwatuma kuti aufunire adani awo pa vesi 7. Ndiye kuti sunali wongodikira zaka 70 manja ali m'thumba. Unayamba tsiku limene munthu woyamba anatenga khasu n'kukalima m'mbali mwa ngalande ya ku Babulo.

Kumapeto kwa vesilo kuli mawu awiri a Chiheberi. Lina ndi chiyembekezo. Linalo limatanthauza chimene chimabwera pambuyo, mapeto a nkhani, ndipo nthawi zina limanena za mbewu ya munthu, amene adzabadwe iye atapita. Mabaibulo ambiri amati tsogolo. Baibulo langa lakale lija, lothothoka chikuto, lili ndi liwu lina pamenepo, ndipo mdzukulu wanga atalifika anaima, n'kuliwerenganso. Adzukulu.

"Ndili m'vesimu!" anafuula.

Anali momwemodi, kungoti osati pamalo pamene ankadziyembekezera.

Nanga zinatha bwanji? Mu 539 Koresi mfumu ya Perisiya analanda Babulo, ndipo chaka chotsatira analola Ayuda kubwerera kukamanga kachisi wawo. Wina wa inu wochenjera masamu wachotsera kale: 597 kuchotsa 538 ndi 59, osati 70. Mwagwira bwino. Kalatayo ikuti zaka 70 ndi za Babulo, ndiye ena amawerenga nthawi imene Babulo anali pamwamba pa mitundu ina, kuyambira cha m'ma 609 kapena 605 mpaka 539, zimene zikuyandikira 70. Ena amawerenga kuyambira kutenthedwa kwa kachisi mu 586 mpaka kumalizidwa kwa watsopano cha m'ma 516. Komanso m'Baibulo 70 ndi nambala ya moyo wonse wa munthu, monga Salimo 90 likunenera. Ine ndimaona kuti amene anamva kalatayo anamva tanthauzo lachitatuli asanayambe n'komwe kuwerengera: moyo wanu wonse. Pa njira zonse zitatuzi, palibe imene ikufupika kufika pa zaka ziwiri.

Tikudziwanso kuti ambiri anachitadi zimene kalatayo inanena, kaya chifukwa choimvera kaya chifukwa moyo unawakakamiza. Pali mapale adongo pafupifupi 200 ochokera m'midzi ya ku Babulo, ndipo umodzi mwa midziyo dzina lake linali Al-Yahudu, kutanthauza mudzi wa Yuda, monga mmene anthu osamuka amatchulira malo atsopano dzina la kwawo. Phale lakale kwambiri ndi la mu 572. Zolembedwapo si zodabwitsa ayi: wakuti wabwereka balere, wakuti walipira msonkho wa zipatso za kanjedza, wakuti wabwereketsa ng'ombe yolimira, abale agawana chuma cha masiye. Mayina ambiri ndi achiyuda, ndipo banja lina limatha kutsatidwa kwa mibadwo ingapo. Anthu analima, anakwatira, anakongola ngongole, anabweza. Ena anazika mizu kwambiri moti chilolezo chobwerera chitaperekedwa anatsala komweko.

Mwa amene anabwerera munali okalamba amene anaona kachisi woyamba ali ana. Buku la Ezara, mutu 3, limasimba kuti maziko a kachisi watsopano ataikidwa, achinyamata anafuula mokondwa, okalambawo n'kulira mokweza, moti munthu womvera patali sakanasiyanitsa kulira ndi chimwemwe. Ndimawaganizira kawirikawiri okalamba amenewo. Mwina wina wa iwo anali kamwana kokhala pansi kutsogolo tsiku limene kalata ya Yeremiya inkawerengedwa.

Musaganize kuti kalatayo inalandiridwa ndi manja awiri. Pitirizani kuwerenga mpaka kumapeto kwa mutuwo, chifukwa kufufuza vesi kumafuna kuyang'ana pansi pake ngati mmene tayang'anira pamwamba. Mudzapeza munthu wina wa ku Babulo dzina lake Semaya, amene anakwiya n'kulemba kalata yake kupita kwa wansembe Zefaniya ku Yerusalemu. Anafunsa chifukwa chimene sanamudzudzule Yeremiya, pomwe ntchito ya wansembeyo inali kumanga m'matangadza anthu amisala odzitcha aneneri. Mlandu wa Yeremiya unali wakuti wauza anthu kuti ukapolo utalika. Taonani zimenezo. Mutu umene lero timatengamo vesi lotisangalatsa, pa nthawi yake unkaoneka ngati uthenga wofooketsa anthu, woyenera kumangitsa amene anaulemba.

Ndiye kodi mlaliki uja ananama? Mdzukulu wanga anafunsa zimenezi maso ali gwa, ndipo ndinayenera kusamala poyankha. Vesi anatchula lolondola. Kunena kuti Mulungu amafunira anthu ake zabwino sikulakwa, ndipo Akhristu ambiri amene ali m'mavuto aatali, odwala, othawa nkhondo, amene ali kutali ndi kwawo, amapeza mphamvu m'vesi limeneli moyenerera, chifukwa linalembedwera anthu onga iwo. Mavesi 12 mpaka 14 akupitiriza kunena kuti anthu akadzapemphera ndi kumufunafuna Mulungu ndi mtima wonse adzamupeza, ndipo zimenezo munthu aliyense akhoza kuzigwira. Pamene mlalikiyo anaterereka ndi pa mawu awiri amene anawonjezera, akuti "chaka chino". Mawu amenewo m'kalatamo mulibe. M'nkhani yonseyi, munthu amene anatchula nthawi yaifupi ndi Hananiya. Ndimaona kuti n'zoopsa ndithu kutenga mawu a Yeremiya n'kuwaveka nthawi ya Hananiya, chifukwa Disembala akafika njinga osaoneka, mwana amayamba kuganiza kuti mwina Mulungu wanama, kapena kuti iyeyo ndiye ali ndi chikhulupiriro chochepa. Zonse ziwiri si zoona. Anangopatsidwa lonjezo limene silinalembedwe.

Sikuti alaliki onse ochita zimenezi ndi achinyengo. Ambiri vesilo analimva kwa ena momwemo, analikonda, ndipo sanabwererepo pa vesi 1. Nanenso ndinaliloweza ndili mnyamata, ndipo zaka 70 zija ndinadzaziona ndili kale ndi ana. Choncho mukapeza zoterezi musakaime pakhomo la tchalitchi n'kumaloza abusa chala. Pitani mwaulemu, Baibulo lili m'manja, mukati: "Abusa, ndimawerenga vesi lija munatipatsa, ndiye ndapeza zaka 70 pamwamba pake. Tandithandizeni, zikugwirizana bwanji?" M'busa wokonda Malemba amasangalala ndi funso lotero. Buku la Machitidwe, mutu 17, limayamikira anthu a ku Bereya chifukwa ankati akamva Paulo akulalikira, ankapita kukafufuza m'Malemba ngati zinalidi choncho, ndipo ameneyo anali Paulo.

Ntchito yonse imene tinagwira pakhondepo sinafune Chiheberi kapena sukulu ya ubusa. Zambiri zinatuluka pongowerenga mavesi khumi a pamwamba, mutu wa m'mbuyo ndi mavesi a pansi, uku tikufunsa kuti akulankhula ndani, akuuza yani, ali kuti, ndipo chinali chitachitika n'chiyani. Mukhoza kuyesa pa vesi lina lotchuka, Afilipi 4:13, limene osewera mpira amakonda kulemba pa malaya. Werengani mavesi awiri a pamwamba pake, muone zimene Paulo ankanena za njala ndi kukhuta, ndipo mufufuze m'mutu 1 kumene anali pamene ankalemba.

Dzuwa linali litalowa, manambala a pachikhatho aja atatsala mthunzi wokha. Mdzukulu wanga anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa ngati mtengo wa mango wa kuseri kwa khitchini ndinabzala ndine. Ndinamuuza kuti anabzala ndi amayi anga, chaka chimene tinasamukira pamalo pano, ndipo anangodyako nyengo ziwiri zokha.

Anatenga bolopeni m'thumba la yunifolomu imene inali pachingwe, n'kukonza pachikhatho paja. Pamene panali 11 analembapo 1-14. Atatero anandiyang'ana cham'mbali.

"Nanga za njinga, agogo, tikambirana liti?"